Ndikalephera, nditalephera, ndikadalephera: kaphatikizo kamodzi kamasintha pangano

Mlamu wanga ndi mlembi wa banki m'khonde ya amayi 18. Loweruka lina adafika kwathu ndi kope lachikuto cholimba, momwe adalembamo malamulo atsopano a gulu lawo ndi chidule cha msonkhano wotseka chaka.

"Alamu, tationerani izi tisanakaziwerenge pagulu," adatero. "Mungoyang'ana ngati pali mawu olembedwa molakwika."

Mawu olembedwa molakwika ndidawapeza awiri okha. Koma lamulo loyambirira lidandiimitsa, chifukwa lidali lotere: "Ngati membala akalephera kubweza ngongole ya K50,000 pofika pa 30 Juni, gulu likadatenga chikole." Ndidawafunsa alamuwo ngati gulu litenga chikolecho kapena ayi. Adayankha kuti litenga, ndipo nchifukwa chake adalemba lamulolo. Ndidawauza kuti zomwe zili papepala zikunena zina: kuti gulu lidali ndi mpata wotenga chikole, koma silidatenge. Membala wochenjera akadatha kuloza chala pa mawuwo nkumaseka.

Cholakwika chotere sichioneka msanga, chifukwa liwu lililonse palokha ndi Chichewa chabwino. Vuto lili pa aneni awiri omwe sakuyendera limodzi. Chiganizo chokhala ndi "ngati" chili ndi nthambi ziwiri. Ina imanena chimene chiyenera kuyamba chachitika, ndipo tiitche nthambi ya ngati. Inayo imanena chotsatira chake. Ntchito ya wowunika zolemba ndi kuona ngati mneni wa nthambi yoyambayo wavala moyenera nkhani yake, komanso ngati mnzake wa kunthambi yachiwiri akumuvomera.

Ngati wathu amabisala m'kati mwa mneni

Amene adaphunzira Chingerezi kusukulu amakumbukira kuti kumeneko kaliwu kamodzi kamaima kutsogolo kwa nthambi, ndipo mneni ndiye amasintha nthawi. Chichewa chili ndi njira yakeyake. Nthawi zambiri sitifuna liwu loima palokha ayi. Timalowetsa kaphatikizo pakati pa mgwirizanitsi ndi tsinde la mneni, ndipo kaphatikizoko ndi kamene kamanyamula ganizo lonse. Tengani tsinde loti -lephera. Munthu akhoza kunena kuti "ndikalephera", "nditalephera" kapena "ndikadalephera". Onsewa akunena za kulephera komwe sikuli m'manja, koma aliyense akuima patali pake.

Woyamba, wa -ka-, amaona chinthucho chikubwera panjira. Mlimi akati "Mvula ikagwa, tidzala chimanga," sakulota ayi, khasu lili kale pakhomo. Miyambi yathu yambiri imamangidwa chomwechi chifukwa imakamba zochitika tsiku ndi tsiku: ukaipa dziwa nyimbo, ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Mneni wotsatira -ka- amakhala wa m'tsogolo ("tidzabzala"), wolamula kapena wolangiza ("dziwa", "muuzeni", "alipire"), kapena wa chizolowezi ("timabzala"). Chodabwitsa nchakuti -ka- alibe nthawi yakeyake. Amabwereka nthawi kwa mnzake wa kunthambi yachiwiri. "Agogo akamwa thobwa amaimba" ndi za masiku ano, pomwe "Agogo akamwa thobwa ankaimba" ndi za kale, koma mneni woyamba sadasinthe ngakhale lemba limodzi. Ali ndi abale ake awiri: -kama- wa chinthu chopitirira, monga "ukamayenda usiku uzinyamula tochi", ndi -kadza- wa m'tsogolo mwakutali, monga "ukadzakula udzamvetsa".

Wachiwiri, wa -ta-, amangoyerekeza. "Nditapeza K5,000,000, ndingagule galimoto." Ndalamayo palibe amene walonjeza, koma nzotheka ndithu kuti tsiku lina nkupezeka. Mnzake woyenda naye ndi -nga-, kapena mawu ngati "nditha", "ndikhoza" ndi "nkutheka". Pofuna kutalikitsa chinthucho kwambiri timawonjezera mneni woti -ti: "Nditati ndiipeze ndalamayo, ndingasiye geni."

Wachitatu, wa -kada-, amayang'ana chitseko chomwe chidatsekeka kale. Amene amati "ndikadadziwa ndikadaphika therere" sadadziwe, ndipo therere sadaphike. Pamwambi umenewu pali phunziro lonse: -kada- amabwera kawiri, uku ndi uku. Njira ina yomalizira ndi "bwenzi". Tikati "Mukadandiuza, bwenzi nditabwera," tikunena zomwe zikadachitika kale. Tikati "Mukadandiuza, bwenzi ndili komweko," kapena "bwenzi ndikugulitsa pano," tikunena momwe zinthu zikadakhalira lero. Amene amawerenga Baibulo akumbukira mawu a Marita kwa Yesu pa Yohane 11, Lazaro atamwalira. Ndi chiganizo cha mtundu womwewu, chodandaula chinthu chomwe chidapita kale.

Ambiri amanena -kana- m'malo mwa -kada-: "ndikanadziwa", "mukanandiuza". Tanthauzo ndi limodzi. Mabuku a sukulu amakonda -da-, pomwe pakamwa pa anthu ambiri pamamveka -na-. Powunika zolemba, chofunika nchakuti wolemba asankhe chimodzi nkukhala nacho mpaka kumapeto, osati "ndikanadziwa" kutsogolo, "ndikadabwera" kumbuyo.

Nanga liwu loti "ngati" ntchito yake ndi yotani?

Lili ndi malo ake, ndipo palibe lina lingalowemo. Timaligwiritsa ntchito pomwe chinthucho chidachitika kale kapena chikuchitika tsopano, koma wolankhula sakudziwa choona chake. "Ngati basi yafika, tiyeni tizipita." Basiyo mwina yafika, mwina siidafike, ndipo yankho lilipo kale kudepoti, ife ndife tisakudziwa. "Ngati mukufuna nsomba, bwerani m'mawa." "Ngati adalipira dzulo, muonetseni risiti." M'ziganizo zimenezi mneni amasunga nthawi yake yeniyeni, yatsopano kapena yakale, ndipo "ngati" amangoika chikayiko patsogolo pake.

Apa ndi pomwe Chingerezi chimatipunthwitsa. M'chiyankhulocho, munthu poyerekeza chinthu chomwe palibe amabwezera mneni ku nthawi yakale. Womasulira wofulumira amanyamula kachitidweko nkulemba kuti "Ngati ndidali ndi ndalama, ndikadagula feteleza." Mchewa womva bwino amadabwa, chifukwa "ngati ndidali ndi ndalama" ndi mawu a munthu woiwala, amene sakukumbuka ngati m'thumba mudali kanthu tsiku limenelo. Chomwe wolembayo akufuna ndi "Ndikadakhala ndi ndalama, ndikadagula feteleza." Chimodzimodzinso "ngati ndidali inu" si Chichewa cholangizira munthu. Timati "ndikadakhala inu" kapena "nditakhala inu".

Choncho chizindikiro choyamba chofunika kuchisaka ndi "ngati" wotsatana ndi mneni wa nthawi yakale, pomwe nthambi inayo ili ndi -kada- kapena "bwenzi". Mukachipeza, dzifunseni ngati wolembayo akukayikadi za zomwe zidachitika. Ngati sakukayika, akudziwa bwino kuti chinthucho sichidachitike, chotsani "ngati" ndipo mneniyo mumuveke -kada-.

"Ngati" amathanso kuyenda ndi -ta-, ndipo zimamveka bwino: "ngati atabwera, mungamuuze". Koma kumuphatikiza ndi -ka-, monga adachitira alamu anga, nkuvala zipewa ziwiri pamutu umodzi. "Membala akalephera" yanena kale zonse.

Kope la alamu, mzere ndi mzere

Tidakhala pakhonde ndi pensulo. Pa chiganizo chilichonse ndidayamba ndaika kamzere pomwe nthambi ziwiri zikumanirana, kenako nkudula mzere pansi pa mneni wa mbali iliyonse. Ndikatero ndinkafunsa funso limodzi lokha: chinthuchi chikuyembekezeka, chikungoyerekezedwa, kapena mpata wake udatha kale?

Lamulo loyamba lija lidayankhika mosavuta. Kulephera kubweza ngongole kumachitika chaka chilichonse m'magulu otere, ndiye nkoyembekezeka. Mneni woyamba adatsala ndi -ka-, "ngati" tidamufufuta, ndipo "likadatenga" adasanduka "lidzatenga". Lidakhala lotere: "Membala akalephera kubweza ngongole ya K50,000 pofika pa 30 Juni, gulu lidzatenga chikole."

Lachiwiri linkati: "Ngati membala sadabwere kumsonkhano, adzalipira K500." Chiganizochi sicholakwika pachokha. Wapampando akhoza kuchinena msonkhano utatha, akufunsa za munthu mmodzi yemwe sakudziwa ngati adalipo. Koma lamulo silikamba za msonkhano wadzulo, limakamba za misonkhano yonse yomwe ikubwera. Pamafunika -ka-. Tsono -ka- satenga si- kapena -sa- wa kukana monga aneni ena. Palibe amene amati "akasabwera", ndipo "sakabwera" ndi nkhani ina. Chichewa chimaitana mneni wothandizira, -panda, nkumupatsa iyeyo kaphatikizo kaja: "Membala akapanda kubwera kumsonkhano, adzalipira K500." Njira imeneyi ndi ya onse atatu: akapanda kubwera, atapanda kubwera, akadapanda kubwera.

Lachitatu ndi lomwe tidakanganapo. Linkati: "Msungichuma atasowetsa ndalama za gulu, angabweze yekha." Aneni awiriwo akugwirizana bwino lomwe, -ta- ndi -nga-, ndipo mphunzitsi wa Chichewa sakadachonga cholakwa. Alamu adati adalemba dala chomwecho posafuna kuoneka ngati akuwaganizira zoipa amayi osunga ndalamawo, omwe ndi achikulire komanso olemekezeka pagulupo. Ulemu umenewo ndi weniweni, ndipo -ta- timamugwiritsadi ntchito pofewetsa mawu, monga timachitira popempha kuti "mutandithandiza ndingathokoze". Koma -nga- salamula munthu. Amangoti nzotheka. Tsiku lomwe ndalama zidzasowe, "angabweze" sadzagwira aliyense pamkono. Tidagwirizana zosunga ulemu kunthambi yoyamba mwa njira ina, pochotsa chala pa munthu, ndi kulimbitsa nthambi yachiwiri: "Ndalama za gulu zikasowa m'manja mwa msungichuma, msungichumayo adzabweza." Phunziro lake ndi lakuti kugwirizana kwa aneni sikokwanira. Awiriwo ayeneranso kugwirizana ndi ntchito ya pepalalo.

Kenako tidafika pa chidule cha msonkhano, pomwe amayiwo ankadandaula za chaka chomwe chidatha. Mzere wina unkati: "Tikayamba kusonkha mu Januwale chaka chatha, bwenzi titagawana zambiri." Apa nthambi yachiwiri ndi imene ili bwino, ndipo ikutiuza chomwe yoyamba ikusowa. "Bwenzi" salola -ka- wamba, chifukwa Januwale wa chaka chatha sangabwerenso. Pasowa kaphatikizo kamodzi kokha, -da-: "Tikadayamba kusonkha". Cholakwika ichi chimachitika kawirikawiri polemba mofulumira, makamaka pafoni, chifukwa diso limalumpha tizilembo tiwiri m'kati mwa liwu lalitali. Njira yochigwirira ndi kuyambira kumapeto: mukaona "bwenzi", "sibwenzi" kapena -kada- kunthambi yachiwiri, bwererani m'mbuyo mukaone ngati woyambayo ali ndi -kada- wake.

Mzere womaliza udali wovutirapo: "Sitikadabwereketsa ndalama kwa anthu akunja kwa gulu, sitikadaluza." Powerenga, munthu amaima pakati osadziwa kuti chifukwa ndi chiti, chotsatira ndi chiti, popeza aneni onse awiri avala zofanana. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: si- ndi wa nthambi ya zotsatira, -panda ndi wa nthambi ya ngati. Tidalemba kuti: "Tikadapanda kubwereketsa ndalama kwa anthu akunja kwa gulu, sitikadaluza." Pomwe palibe mneni wina, -panda amaima yekha: "pakadapanda inu, bwenzi gulu litatha."

Zomwe pepala silionetsa

Pali chifukwa chomwe zolakwika zotere zimachulukira polemba kusiyana ndi polankhula. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, nkhani yomwe akatswiri a chiyankhulo monga Al Mtenje ndi Sam Mchombo adaifufuza kwambiri. Koma malamulo a kalembedwe omwe Bungwe la Chichewa lidatulutsa mu 1973, ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, saika zizindikiro za kukwera kwa liwuko m'zolemba za tsiku ndi tsiku. Khutu limamva kusiyana komwe diso silikuona.

Tengani liwu loti "akagula". Nenani mokweza kuti "Akagula mbewu ku Lilongwe mawa," kenako "Akagula mbewu, tidzala." Pachiganizo choyamba liwu limakwera pa -ka-, ndipo tanthauzo ndi lakuti apita kukagula. Pachachiwiri liwu limayenda pansi, ndipo ndi nthambi ya ngati. Papepala ndi liwu limodzi. Wolemba uthenga akangoti "Akagula mbewu tidzala" wopanda mpumiro pakati, wowerenga ayenera kubwereza kawiri. Kampumiro kapakati pa nthambi ziwirizo kamagwira ntchito yomwe liwu likadagwira.

Naye -ta- ali ndi nkhope ziwiri. "Atafika kumsika, adagula tomato" ndi nkhani yomwe idachitikadi, ndipo -ta- akungonena kuti kufika kudayamba, kugula kudatsatira. "Atafika kumsika, angagule tomato" ndi kuyerekeza chabe. Chomwe chikusiyanitsa ndi mneni wachiwiri yekha. Choncho munthu akalakwitsa mneni wachiwiriyo, sikuti wangoipitsa chiganizo ayi, wasandutsa chongoganizira kukhala umboni. M'kalata yodandaula kapena m'lipoti la kuntchito, "atatenga ndalamazo adathawa" ndi mlandu, pomwe "atatenga ndalamazo angathawe" ndi chenjezo.

Ngakhale -kada- ali ndi sewero lake. "Mwana akadagona" ikhoza kutanthauza kuti mwanayo sadadzukebe, monga timanenera kuti "akadali mtulo", kapena kukhala chiyambi cha dandaulo loti "mwana akadagona, bwenzi nditachapa". Ndipo "ngati" weniweniyo si nthawi zonse amatsegula nthambi ya mtundu umenewu. Mu "akuyenda ngati bakha" akufanizira, ndipo mu "sindikudziwa ngati abwera" akufunsa. Musanayambe kukonza mneni, yesani kuika "zikatero" kapena "ndiye kuti" patsogolo pa nthambi inayo. Zikakana kulowa, chiganizocho si cha mtundu womwe tikukambawu, chisiyeni.

Nchifukwa chake sitepe yomaliza powunika ndi kuwerenga mokweza, makamaka kupatsa munthu wina yemwe sadalembe nawo. Iye akakweza liwu pomwe inu mumafuna litsike, kapena akaima nkubwerera, pamenepo pafunika mpumiro kapena kumanganso chiganizo.

Ndikakolola ndidzabweza

Kumapeto kwa kope kudali timapepala ta malonjezo a obwereka. Kamodzi kadali ndi mawu atatu okha pamwamba pa chidindo cha chala: "Ndikakolola ndidzabweza ngongole." Aneni ake ali bwinobwino, -ka- ndi -dza-. Palibe choti mphunzitsi achonge. Komabe apa ndi pomwe pali malire a -ka-, omwe aliyense wolemba pangano ayenera kuwadziwa.

Kaphatikizo kameneka sikasiyanitsa nthawi ndi chikayiko. "Ndikakolola" ikhoza kutanthauza kuti pa nthawi yokolola, cha mu Epulo kapena Meyi, ngongole ibwezedwa. Ikhozanso kutanthauza kuti kubweza kudalira kukolola, kotero kuti ng'amba ikapsereza chimanga mu Febuluwale, wobwerekayo alibe mlandu. Wobwereketsa amamva tanthauzo loyamba, wobwereka chaka chikavuta amakumbukira lachiwiri, ndipo onse awiri akunena zoona pa Chichewa chake. Kukonza mneni sikungathetse mkangano umenewu. Chofunika ndi kuwonjezera mawu onena poyera chomwe agwirizana. Ngati akutanthauza nthawi, alembe tsiku, ndipo atseke mpata ndi "ngakhale" wotsatana ndi -ta-: "Ndidzabweza pofika pa 30 Juni, ngakhale nditapanda kukolola." Ngati gulu lavomera kuti kubweza kudaliredi zokolola, liwu lake ndi "pokhapokha": "Ndidzabweza pokhapokha nditakolola." Ziganizo ziwirizi ndi mapangano awiri osiyana kotheratu, ndipo onse adabisala m'mawu atatu aja.

Alamu adati nkhani imeneyo sangaigamule okha, akaitula pagulu kuti amayi asankhe. Adatseka kope, kenako adalitsegulanso nkuyendetsa chala pa tsamba la malamulo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndidawafunsa chomwe akusaka.

"Ndikuona ngati patsala -kada- wina," adatero. "Ameneyo malo ake ndi kutsamba la madandaulo. Akapezeka m'malamulo, ndiye kuti therere tayamba kulilira tisanaphike nkomwe."